Lesitilanti ya matebulo 9 ku Ulongwe: pulogalamu yomwe tinasankha ndi malipoti omwe timawerenga Lolemba

Ntchito yanga ndi yosungira mabuku a ndalama anthu a mabizinezi ang'onoang'ono kuno ku Angoniya. Nkhani ndikulemba panoyi ndi ya lesitilanti ina ya pa tawuni ya Ulongwe, kufupi ndi msewu wopita kumalire a Kalomwe. Ili ndi matebulo 9, atsikana awiri operekera chakudya, wophika ndi womuthandiza, komanso mphwawo wa eni ake yemwe amakhala pakauntala. Amagulitsa nsima, mpunga, tchipisi, nkhuku yootcha, nyama ya mbuzi, nyemba ndi zakumwa. Mayi eni malowo anandiitana chifukwa anthu ankadzaza ndithu, koma ikafika nthawi yogula nkhuku ndi kulipira antchito ndalama inkaperewera, ndipo kope lomwe ankalembamo malonda silinkawauza komwe ikuthawira.

Kopelo ndinaliona. Tsiku lililonse linali ndi mzere umodzi wokha: ndalama zomwe zapezeka m'kabati usiku. Zolowa pa M-Pesa ndi pa e-Mola zinali m'mauthenga a pafoni, ena ofufutidwa kale kuti foni ipeze malo. Mbale zingati zatuluka kukhitchini, panalibe amene ankadziwa. Mayiwo ankafuna makina "ngati a m'malesitilanti a ku Tete", okhala ndi kompyuta yaikulu ndi kabati yotseguka yokha. Ndinawapempha kuti tisayambe ndi makina, tiyambe ndi mafunso omwe akufuna kuti aziyankhidwa sabata iliyonse. Tinapeza atatu: ndalama zomwe zalembedwa zafikadi m'manja mwawo? Chakudya chomwe chatuluka kukhitchini chalembedwa chonse? Nanga ndi mbale iti yomwe ikusiya phindu? Pulogalamu yosayankha mafunso amenewa, ngakhale ikongole bwanji, inalibe ntchito kwa iwo.

Kusankha

Choyamba chomwe chimagwetsa mapulogalamu ambiri kuno ndi magetsi ndi netiweki. Nyengo ya mvula magetsi amatha kuthima pakati pa nkhomaliro, ndipo intaneti ya pafoni imabwera n'kupita. Choncho muyeso wanga ndi wosavuta ndipo ndimaupanga wogulitsa pulogalamuyo ali pomwepo. Ndimathimitsa intaneti pa makinawo, n'kugulitsa mbale zitatu, n'kusindikiza lisiti, n'kutseka tebulo limodzi. Kenako ndimayatsanso intaneti n'kuona ngati malonda atatu aja akwera okha osasowa kapena kubwerezedwa. Pulogalamu ina yomwe mnyamata wina anabwera kudzatsatsa inkayendera pa intaneti pokha. Titangothimitsa, sikirini inangoyera, ndipo nkhani yake inathera pomwepo.

Yachiwiri inali ya pakompyuta, yochokera kwa wogulitsa wa mumzinda wa Tete. Kunena zoona inali yabwino: inkatulutsa fatula yokhala ndi NUIT, nambala ya msonkho ya wogula, inkadziwa za msonkho wa IVA, inkasunga zonse m'kompyutamo osadalira intaneti. Koma inkafuna kompyuta, batire lalikulu loisunga magetsi akathima, ndi chiphaso cholipira chaka ndi chaka. Komanso ikavuta, woikonza amayenera kuchoka ku Tete, ulendo wa maola angapo, ndipo thiransipoti yake ndi ya mwini lesitilanti. Kwa hotela yokhala ndi zipinda ndi misonkhano ya mabungwe ndikanaisankha mosakayika. Kwa matebulo 9 inali yolemera.

Mphwawo uja anali ataona pa intaneti anthu akuyamikira pulogalamu ina yotchedwa Square. Imeneyo sitinataye nayo nthawi, chifukwa imagwira ntchito m'mayiko ochepa monga Amereka, Canada, Britain, Australia ndi Japan, osati ku Mozambique.

Tinakhazikika pa Loyverse, yomwe imaikidwa pa foni kapena tabuleti ya Android, ili ndi Chipwitikizi, ndipo gawo logulitsira ndi laulere. Intaneti ikachoka imapitiriza kugulitsa, malisiti n'kumadikira mu tabuleti mpaka netiweki ibwere. Ili ndi malire ake omwe ndinawafotokozera mayiwo tisanayambe. Kubweza ndalama za lisiti lotsekedwa kumafuna intaneti. Malipoti amawerengedwa pa tsamba lake la pa intaneti, choncho Lolemba pamafunika netiweki. Kuti wantchito aliyense akhale ndi nambala yake yachinsinsi ndi malire a zomwe angachite, gawo limenelo ndi lolipira mwezi ndi mwezi, pa khadi la kubanki lololedwa kugula zinthu zakunja. Mayiwo anazengereza pa zolipirazi, koma ndinaumirira. Onse akamalowa ndi nambala imodzi, lipoti limangonena kuti zinthu zachitika, silinena kuti wachita ndani, ndiye kuti mwagula theka la chinthu.

Chinthu china chomwe ndimayang'ana, ndipo ambiri amachiiwala, ndi chakuti pulogalamu izilola kupanga njira zanuzanu zolipirira. Yambiri imabwera ndi mabatani awiri okha, ndalama zapamanja ndi khadi. Ife tinafuna asanu: zapamanja, M-Pesa, e-Mola, kwacha, ndi ngongole. Kwacha imabwera ndi madalaivala ndi amalonda ochokera ku Dedza, ndipo mayiwo amailandira pa mtengo womwe amalemba pakhoma. Batani la M-Pesa silitenga ndalama kwa kasitomala, limangolemba kuti walipira mwanjira imeneyo. Ndalamayo imayenda payokha, kuchoka pafoni yake kupita pafoni ya lesitilanti, ndipo pakati pa batanilo ndi foniyo ndi pomwe pamatayikira zambiri, monga tione kutsogoloku. Kamakina ka khadi komwe banki imapereka nakonso ndi kosiyana: kamalandira ndalama koma sikadziwa kuti munthu wadya chiyani. Mayiwa alibe, ndipo makasitomala awo sakafunsa.

Zida zinali zochepa: tabuleti imodzi yomangirira pakauntala, batire lonyamula loitchajira, ndi mapulinta awiri ang'onoang'ono a mapepala a mamilimita 58, ina ya pakauntala ina ya kukhitchini. Musagule pulinta musanaone mndandanda wa zomwe pulogalamuyo imagwirizana nazo, chifukwa zotchipa za m'misika zimafanana maonekedwe koma si zonse zimamva. Mapepala ake amalembedwa ndi kutentha, osati inki, ndipo amafufutika akakhalitsa kapena akakhala padzuwa, choncho si umboni woti n'kusunga chaka.

Pa za msonkho ndinawauza mosabisa kuti lisiti la pulinta iyi ndi la kasitomala wamba. Anthu a m'maofesi ndi a mabungwe akadya amafuna pepala lokhala ndi NUIT loti akabwezeredwe ndalama, ndipo amenewo mayiwo amawalemberabe m'buku lawo la mafatula losindikizidwa ndi osindikiza ovomerezeka. IVA kuno ndi 16 peresenti kuyambira mu 2023, koma si bizinezi iliyonse yaing'ono yomwe imailipiritsa, zimatengera gulu lomwe munalembetsa ku ofesi ya msonkho. Musaike msonkho mu pulogalamu chifukwa choti pali malo ake.

Kuika zakudya mu tabuleti kunatenga madzulo amodzi. Lamulo langa ndi lakuti chinthu chilichonse chokwera mtengo chikhale ndi batani lake: kota ya nkhuku payokha, hafu payokha, mowa uliwonse ndi dzina lake. Batani lakuti "chakudya" loti wantchito alembe yekha mtengo silinaloledwe, chifukwa limapha lipoti lonse la katundu. Tinaikanso mabatani awiri a mtengo wa ziro, lina la chakudya cha antchito, lina la zopita kunyumba kwa mayiwo. Awiri amenewa anawaseketsa, akuti, "Achimwene, ndizilemba nkhuku yanga yomwe?" Ndinati inde mayi, chifukwa firiji sidziwa kuti watenga ndi mwini wake.

Lipoti loyamba: njira zolipirira

Sabata yoyamba sitinaiwerengere, inali yophunzira ndipo zolakwika zinali mbwee. Ziwerengero ndikupereka apazi ndi za sabata yachitatu. Lipotili, lomwe pa sikirini ya Chingerezi limatchedwa Sales by payment type, linaonetsa malonda a metikali 71,400. Mwa zimenezi 43,900 zinali zapamanja, 14,200 za M-Pesa, 9,800 za e-Mola, 1,100 za kwacha, ndipo 2,400 zinali ngongole.

Lipotili palokha silinena kanthu. Limayamba kulankhula mukaliika pambali pa chinthu china chomwe pulogalamuyo sinalembe. Choncho tinatenga foni ya lesitilanti n'kuphatikiza ndalama zonse zolowa sabatayo. Za e-Mola zinagwirizana ndendende. Za M-Pesa zinakwana 12,850, kutanthauza kuti 1,350 yolembedwa mu tabuleti sinafike pafoni.

Mayiwo nkhope inasintha, ndipo dzina la mtsikana mmodzi linali litafika kale pakamwa. Ndinawapempha kuti tidikire, tione kaye kabati. M'masiku awiri a sabata imeneyo ndalama zapamanja zinapezeka zochuluka kuposa zoyembekezeka, zonse pamodzi 600. Kabati ikamasefukira pomwe M-Pesa ikuperewera, nthawi zambiri si kuba: munthu walipira zapamanja koma wa pakauntala wadina batani loyandikana nalo. Tinasuntha mabataniwo kuti asagundane. Zinatsala 750.

Apa tinatsegula mndandanda wa malisiti, Receipts, n'kusankha a M-Pesa okha, n'kumayerekeza limodzilimodzi ndi mauthenga a pafoni potsata nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama. Ntchitoyi ndi yotopetsa, koma imachitika pokhapokha pakakhala kusiyana. Malisiti atatu a 250 lililonse analibe uthenga wake, ndipo onse anali a Loweruka madzulo, 19:12, 19:31 ndi 19:48. Nthawi imeneyo mayiwo anali atapita kukatenga makala, foni ya lesitilanti ili m'chikwama mwawo. Makasitomala awiri anafuna kulipira, mtsikana uja anawapatsa nambala yake kuti atsimikize kuti ndalama yalowa, ndipo 500 ija inali ikadali pafoni yake. Kaya akanaibweza yekha kaya ayi, ine sindiweruza. Ataitanidwa anaonetsa mauthengawo n'kuitumiza pomwepo. Wachitatu anali kasitomala yemwe anangoonetsa uthenga pafoni yake kuti watumiza, mphwawo uja n'kukhulupirira. Ndalama imeneyo sinabwere mpaka lero.

Tinaika malamulo awiri. Foni ya lesitilanti sichoka pakauntala ndipo ili ndi tchaja yake. Batani la M-Pesa kapena e-Mola limadinidwa uthenga ukalowa pafoni imeneyo, osati pakuona foni ya kasitomala. Netiweki ikachedwetsa uthenga, tebulo limakhala losatseka ndipo wa pakauntala amafunsa ndalama zotsala mu akaunti kuti aone ngati zakwera.

Ngongole ndi nkhani ina. Tinaipatsa batani lake kuti mbale yodyedwa pangongole isasowe m'lipoti la katundu, koma pulogalamuyi imaiwerengera ngati malonda, pomwe m'thumba mulibe kanthu. Mayina a angongole akadali m'kope, ndipo Lolemba timaona ngati zomwe zalembedwa m'kopemo sabatayo zikukwana 2,400 yomwe tabuleti ikunena. Munthu akabwera kudzabweza, ndalamayo imalembedwa ngati yongolowa m'kabati, osati malonda atsopano, apo ayi mbale imodzi iwerengedwa kawiri.

Lipoti lachiwiri: zomwe zagulitsidwa, poyerekeza ndi firiji

Ili ndi lomwe ndimalikonda kuposa onse, chifukwa ndi lokhalo lomwe limagwira chakudya chotuluka osalembedwa. Lipoti la ndalama likhoza kugwirizana mpaka pa metikali imodzi pomwe mbale khumi zadyedwa ndipo ndalama zake zalowa m'matumba, poti chomwe sichinalembedwe sichisowa paliponse. Chimaonekera mufiriji basi.

Sitiwerenga chilichonse. Anyezi, tomato ndi ufa mukati muziyeza sabata iliyonse mutopa mwezi usanathe, n'kusiya zonse. Timawerenga zinthu zochepa zodula zomwe zimawerengeka ndi maso: nkhuku, mabotolo a mowa, ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Kawerengedwe kake ndi aka:

```
zoyambira + zogula - zotsala = zomwe zatuluka
```

Sabata imeneyo mufiriji munali nkhuku 6 poyamba, anagula 40, ndipo Lamulungu usiku zinatsala 5. Ndiye kuti zinatuluka 41. Nkhuku iliyonse amaidula panayi, choncho makota 164 anapita pamoto. Lipoti la Sales by item linati mbale za kota zagulitsidwa 118 ndipo za hafu 14, zomwe ndi makota 28. Pamodzi 146. Batani la antchito linaonetsa makota 6, la kunyumba 4. Tafika pa 156. Makota 8, nkhuku ziwiri zathunthu, analibe mwini. Pa mtengo wa 250 mbale imodzi, ndi malonda a metikali 2,000 pa sabata, ndipo zikamachitika sabata iliyonse, pamwezi ndi malipiro a munthu.

Mabotolo a mowa wa 2M ndi zoziziritsa kukhosi anagwirizana, kupatula awiri omwe anasweka aliyense akuona. Izi zinatiuza kuti vuto silili pakauntala, pomwe zakumwa zimatulukira, koma pa zenera la khitchini. Ndinakhala pakona tsiku lina nthawi ya nkhomaliro n'kumangoyang'ana. Anthu akachuluka, atsikana ankafika pazenera n'kukuwa kuti "makota awiri ndi tchipisi!", wophika n'kupakula, iwo n'kunena kuti alemba akapeza mpata. Ena ankalembedwadi. Koma tebulo likalipira msanga ndalama zapamanja n'kunyamuka, panalibe chokumbutsa aliyense kuti mbale zija sizinalowe mu tabuleti.

Pulinta ya kukhitchini inalipo kale, koma wophika ankaitenga ngati chokongoletsera. Tinagwirizana naye kuti popanda kapepala palibe mbale, ngakhale atakuwa ndi mayi eni ake. Timapepalato amatibaya pa msomali womwe tinakhomera pathabwa pafupi ndi mbaula, ndipo usiku amatiwerenga. Masiku oyamba panali kulongolola, chifukwa mzere unkachedwa pakauntala pomwe atsikana awiri akudikirana tabuleti imodzi. Tinaika pulogalamuyo pa foni yakale ya mayiwo kuti ikhale yachiwiri yolembera maoda, ndipo phokoso linatha. M'masabata otsatira kusiyana kwa nkhuku kunatsika kufika pa makota awiri kapena atatu. Pamenepo sindilimbana napo: nkhuku ina imapserera, ina imakhala yaing'ono moti wophika amaphatikiza zidutswa ziwiri kuti kasitomala asadandaule.

Lipoti lomweli limayankhanso funso la phindu, ngati mwalemba mtengo wopangira mbale iliyonse. Tinauwerengera pamodzi ndi wophika. Nkhuku ya 320 ikadulidwa panayi, kota ndi 80. Mbatata ya kachewere, mafuta, saladi ndi makala zinakwana 65. Mbale ya 250 imasiya 105, ndipo mbale 118 zinasiya 12,390. Nsima ya nyemba ndi ya 80, imadya 28, imasiya 52. Zinagulitsidwa 120, phindu 6,240. Yodabwitsa inali mbuzi, yomwe mayiwo ankainyadira kwambiri. Mbale ya 220 inkadya 170 chifukwa nyamayo imanyala pophika ndipo wophika ali ndi dzanja lopatsa. Mbale 31 zinasiya 1,550 yokha, tisanachotse yotsala mumphika yomwe inkathera kwa antchito. Sindinawauze kuti aisiye, poti pali makasitomala omwe amabwerera mbuziyo ndipo amamwanso mowa. Anasankha kuiphika Lachisanu ndi Loweruka pokha, ndi kuwerenga nthuli zopita m'mbale. Dziwani kuti phindu lomwe pulogalamu imaonetsa ndi lochotsa zophikira zokha. Lendi, malipiro ndi magetsi a Credelec sizinachoke. Ndipo mtengo wa kachewere kuno umasintha kwambiri pakati pa nthawi yokolola ndi ya mvula, choncho ziwerengero zija zikapanda kukonzedwa miyezi ingapo, lipoti limayamba kunama mwaulemu.

Lipoti lachitatu: kutseka kabati, zobweza ndi zotsitsa mtengo

Kabati imatsekedwa tsiku lililonse, koma timaiwerenga pamodzi Lolemba kuti tione khalidwe lake. M'mawa wa pakauntala amalemba ndalama zoyambira, za tchenji. Masana chilichonse chotuluka m'kabati kukagula kanthu chimalembedwa ndi chifukwa chake. Mwachitsanzo Lachinayi lina anayamba ndi 1,000, anagulitsa zapamanja 6,300, anatulutsa 450 ya makala ndi 200 ya tomato, ndiye m'kabati munayenera kukhala 6,650. Anawerenga 6,590. Kuperewera kwa 60 pa tsiku la anthu ambiri ndi nkhani ya tchenji, ndipo mayiwo anavomera kuti za pansi pa 100 asamafunse. Chomwe ndimayang'ana mu lipotili, lomwe pa sikirini limatchedwa Shifts, ndi mbali yomwe kusiyanako kumagwera. Kulakwitsa kwenikweni kumagwa uku ndi uku, lero kuchepa mawa kuchuluka. Kukamachepa tsiku lililonse, pa munthu yemweyemweyo, ngakhale ndi 50 yokha, pamenepo pali nkhani. Ndimakayikiranso kabati yomwe imakwana ndendende masiku onse. Munthu akaona kaye chiwerengero chomwe makina akuyembekeza, amangolemba chomwecho ndipo zoonjezera zimalowa m'thumba. N'chifukwa chake mphwawo uja amawerenga ndalama n'kulemba papepala asanatsegule sikirini yotsekera.

Zobweza ndi zotsitsa mtengo zimatenga mphindi ziwiri kuona, koma musazidumphe. Njira yodziwika yobera pa makina otere ndi yakuti kasitomala walipira n'kupita, kenako wina n'kulemba kuti lisitilo labwezedwa, ndalama n'kuchotsa. Kabati imakwana bwinobwino. Mu lesitilanti kubweza ndalama kumachitika mwa apo ndi apo, choncho lisiti lililonse lobwezedwa liyenera kukhala ndi nkhani yomwe mayiwo akuikumbukira. Kuchotsa mbale pa tebulo lomwe oda yake yapita kale kukhitchini tinakutseka, kumafuna nambala ya mayiwo. Pa zotsitsa mtengo tinapeza kuti mphwawoyo ankachotsera anzake 10 peresenti, yomwe tinaikira madalaivala obwerabwera. Inali 380 pa sabata. Anakambirana pachibale, ine ndinatuluka kukaona msewu.

Zomwe sitiwerenga sabata iliyonse

Pulogalamuyi ili ndi zithunzi zokongola za malonda a ola lililonse. Tinaziona kamodzi, zinatithandiza kudziwa kuti pakati pa 3 ndi 5 koloko masana mbaula imayaka pachabe, ndipo mtsikana mmodzi tsopano amapuma nthawi imeneyo. Kuyambira pamenepo timaziona pakapita miyezi. Lipoti loyerekeza antchito kuti wagulitsa zambiri ndani ndimaliletsa pa malo ang'ono chonchi, chifukwa limangoonetsa yemwe ali ndi matebulo a pafupi ndi khomo, ndipo limabala chidani. Chiwerengero cha malonda onse a sabata nachonso chisakuthamangitseni mtima. Kuno ndalama imayenda ndi nyengo: alimi akagulitsa fodya ndi kachewere matebulo amadzaza, Januwale ndi Febuluwale amakhala pululu, ndipo sabata ya malipiro a aphunzitsi ndi a boma siifanana ndi ya pakati pa mwezi. Kuyerekeza kwanzeru ndi kwa sabata yofanana nayo ya mwezi wathawo.

Lolemba lililonse tikamaliza, ndimatsitsa malipotiwo ngati mafayilo a CSV n'kuwasunga pa kompyuta yanga ndi pa imelo ya mayiwo. Tabuleti ikhoza kubedwa, malamulo a zaulere akhoza kusintha, ndipo tsiku lomwe adzafune kusamukira ku pulogalamu ina mbiri yawo idzakhala m'manja mwawo. Akaunti yake ili pa imelo ya mayiwo, osati ya mphwawo kapena yanga. Ndaonapo malo ena omwe mnyamata woika makina anachoka ndi nambala yachinsinsi, eni ake n'kutsala ndi tabuleti yosatseguka. Tinachenjezanso onse kuti intaneti ikakhala kulibe asatuluke mu akaunti kapena kufufuta pulogalamuyo poyesa kuikonza, chifukwa malisiti osakwera amakhala mu tabuletimo basi.

Panopa mayiwo amawerenga okha lipoti loyamba ndi lachitatu, ine ndimangobwera pa la katundu, ndipo zonse zimatha ola lisanakwane. Chomwe sichinakhazikike ndi kwacha. Tabuleti imalemba mtengo wake m'metikali pa tsiku lomwe munthu wadya, koma mayiwo amasunga makwachawo mpaka achuluke ndipo akamakasintha mtengo umakhala utasuntha. Pa 1,100 ija anapeza 1,020. Tagwirizana kuti kusiyana kumeneku kuzilembedwa m'kope pa tsamba lakelake, ndipo mtengo wa pakhoma uzikonzedwa Lolemba lililonse tikatha kuwerenga nkhuku.